Njerwa za Mng'ono Wake

Mmisiriyo wakalambira pa makoma a eni, koma yekha amagona m'chipinda cha lendi. Tsiku lina mng'ono wake, wogulitsa kaunjika, anamuitanira pa puloti yake yatsopano.

"Achimwene, tandiwerengerani. Kanyumba ka mamita sikisi kwa faifi."

Mmisiriyo mtima unamuwawa. Kamwana komwe ankakapukuta mamina! Komabe anatambasula tepi, nayamba kulemba pa katoni. Makoma ophatikiza njerwa ziwiri, kuchotsapo zitseko ndi mawindo, anafuna njerwa 8,000. Simenti yomangira yokha matumba 28, thumba lililonse mawilibala atatu a mchenga. Malata 18, naini mbali iliyonse.

Pa ndalama ya amisiri anawonjezera dala, kuti mwina mnyamatayo agwe ulesi.

Mng'onoyo anawerenga, n'kumwetulira. "Basi zomwezi? Ndiye muikeponso khonde. Mumanga ndinu, achimwene."

"Khonde limadya simenti, iwe."

"Idye, ilipo."

Nyumbayo anaimanga ndithu, yowongoka bwino, chifukwa dzanja lake silidziwa kukhotetsa khoma. Koma mpaka lero akapitako amakana mpando, amati ali pa changu.