Pomwe Eliness Ankalekezera Nkhani ya Livingstone

Ku Biriwiri anthu amamutchula kuti amadamu, ngakhale Eliness sanalandirepo malipiro a uphunzitsi. Anabadwira komweko, m'banja lolima mbatatesi ndi kabichi, ndipo sukulu analekezera Sitandade 8. Mayi ake anamwalira atangobereka mlongo wake Nathan, iye ali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Akuluakulu anamuuza kuti amayi apita ku ulendo. Eliness anakhulupirira. Dzinja lonse ankakhala m'mbali mwa msewu, khanda lili kumsana, kuyang'ana basi iliyonse yochokera ku Boma. Zoona anazimvera pachitsime, kwa mnzake amene anakangana naye pa ndowa: "Iwe, amako ali kumanda."

Anakula, anakwatiwa, ana ake nawonso anakula n'kupita kutauni. Mudzi utatsegula sukulu ya mkombaphala, anafuna munthu wodzipereka. Kuyambira pamenepo Eliness ndiye amasesa, kutola nkhuni, kuphika phala, kupukuta mamina ndi kuphunzitsa nyimbo, kenako n'kupita kudimba kwake dzuwa litapendeka.

Nkhani imene ana amaikonda kwambiri ndi ya David Livingstone. Eliness anaiphunzira kupulaimale, koma amaisimba mwa njira yake. Satchula zaka, chifukwa mwana sadziwa kutalika kwa zaka. Amajambula Afirika pansi ndi kamtengo, chitsononkho n'kukhala Livingstone. Sanena kuti mzungu uja anatulukira nyanja. Amati anthu anamulondolera njira, pakuti nyanjayo anali kuwedzamo kale. Ndipo kwa zaka zonsezo ankalekezera malo amodzi: Livingstone wapezedwa ali moyo, wadya, wapeza mphamvu, wapitiriza ulendo. Za imfa sankafikako.

Nathan atapita ku Joni kukasaka ganyu, mkazi wake Aida anamutsatira, ndipo mwana wawo Tracy anatsala ndi Eliness. Mwanayo akafunsa za bambo ake, azakhali akewo ankati, "Ali pa ulendo ngati Livingstone." Tracy ankanyadira zimenezo.

Mu Juni wina, Tracy ali Sitandade 2, uthenga unabwera kuti Nathan wamwalira ndi chibayo. Amalume a pabanjapo analamula kuti mwana asauzidwe, adzaona yekha. Maliro anakonzedwa kumudzi kwa makolo, kuseri kwa phiri, ndipo Eliness anakhala milungu akulirira kubafa, akatuluka n'kumati utsi wamulowa m'maso.

Tsiku limene thupi linkafika, Aida anaimba foni m'mawa.

"Alamu, tadutsa pa Mwanza. Tidzaima pamsewu tikutengeni. Koma mwanayo mumuuze inuyo. Asadzamve ndi kulira kwanga."

"Amalume anati..."

"Amalume sanabereke Tracy. Chonde, alamu."

Eliness anakamutenga mwana kusukulu nthawi yoweruka isanakwane. Sanadzere pamsika, poopa amayi ogulitsa tomato amene akanayamba kumugwira mwanayo kumutu. Anadzera m'mizere ya mbatatesi mpaka kudimba, n'kukhala pansi pa mtengo wa pichesi. Manja okha ndi amene anadziwa chochita: anasalaza dothi, n'kutola chitsononkho.

"Ya Livingstone?" anafunsa Tracy. "Ndimaidziwa kale."

"Lero uimva yonse."

Anayamba ngati masiku onse. Kalekale, agogo a agogo ako asanabadwe, kudziko lozizira kuposa Tsangano, lotchedwa Scotland, kunabadwa mwana dzina lake David. Mudzi wawo unali Blantyre, ndipo Blantyre wathu anatengera dzina kumeneko. Kwawo kunali kosauka, banja lonse m'chipinda chimodzi. Ali ndi zaka khumi analowa ntchito m'fakitale ya thonje, yolumikiza ulusi ukaduka, kuyambira m'mamawa mpaka mdima. Buku ankaliyika pamakina n'kumawerenga podutsa. Anaphunzira udokotala ndi mawu a Mulungu, nakwera sitima ya pamadzi kubwera ku Afirika.

"Anafikira ku Joni," anatero Tracy.

"Joni kunalibe nthawi imeneyo. Koma dziko lake ndi lomwelo."

"Mudumphe mufike pa mkango."

"Nkhani sadumpha, iwe. Wadumpha ndani pokula?"

Komabe anafika pa mkango. Unamuluma paphewa n'kuphwanya fupa la mkono wamanzere. Mphunzitsi wina wachikuda, Mebalwe, analoza mfuti, mfuti n'kukana, mkango n'kusiya mzungu kukaluma iye pantchafu. Onse awiri anapulumuka. Amene anamusamala David pochira anali a m'banja la mbusa Moffat, ndipo iye anakwatira mwana wawo Mary.

Foni inalira m'chitenje. Aida anati ali pa Chingeni. Eliness anayankha kuti chabwino, n'kuibweza.

"Ndani?"

"Anthu a pa ulendo."

Anayendetsa chitsononkho chakumpoto, kudutsa chipululu. Mary anayenda nawo pangolo ya ng'ombe, ali ndi pakati, ana akulira ludzu. Kenako David anawatumiza kwawo ku Ulaya, iye n'kupitiriza ndi amuna a mtundu wa Makololo, amene ankanyamula katundu, kupalasa bwato ndi kupempha njira kwa mafumu. Anayenda mpaka kunyanja yamchere ya kumadzulo, n'kubwerera mpaka ya kum'mawa. Pa mtsinje wa Zambezi anamuonetsa mathithi amene eni ake amati Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda. Ulendo wina anakwera mtsinje wa Shire mpaka kunyanja yathu. Anaona anthu atamangidwa magoli m'khosi, akupita kukagulitsidwa, ndipo analemba makalata kwawo kuti malonda oipawo athe. Pakati pa akapolo amene anamasulidwa panali kamnyamata dzina lake Chuma.

"Mukuthamanga," anadandaula Tracy. "Mwaiwala Mary."

Eliness sanaiwale. Masiku onse ankati Mary anatsala.

"Mary anabweranso kudzamuona mwamuna wake. Anadwala malungo m'mbali mwa Zambezi, ndipo anamwalira. Anamuika pansi pa mlambe."

Tracy anamuyang'ana. "Simunanenepo zimenezo."

"Sindinanenepo."

"Nanga ana ake?"

"Anali kutali, akusungidwa ndi azakhali awo ndi agogo awo. Wotsiriza, Anna Mary, anaona nkhope ya bambo ake koyamba ali ndi zaka zisanu."

"Ine ababa ndikuwadziwa nkhope."

Foni inaliranso. Aida anati afika pa Nsipe. Kuchoka pa Nsipe kufika pa Boma si patali, ndipo kuchoka pa Boma galimoto imangokwera chitunda n'kufika.

Ulendo wotsiriza, David ankafuna pomwe mtsinje wa Nile umayambira. Anasowa zaka, kwawo n'kumaganiza kuti anafa. Mtolankhani wina, Stanley, anamupeza pa Ujiji atawonda, mano ataguluka, n'kumupatsa mankhwala ndi chakudya. Anamupempha kuti abwerere kwawo, koma iye anakana.

"Ndipo anapitiriza ulendo wake," anamaliza Tracy, akudzikuntha fumbi. "Yatha."

"Khala pansi. Sinathe."

Eliness anagoneka chitsononkho pa tsamba la chimanga. Anati David anadwala kamwazi, mvula ikugwa, njira yonse ili madambo. Atalephera kuyenda, anzake anamunyamula pamachira mpaka m'mudzi wa mfumu Chitambo, ku Zambia. Anamumangira kanyumba ka udzu. Kusanache anamupeza atagwada pambali pa bedi ngati akupemphera. Anamuitana, osayankha.

"Anagona?"

Apa ndi pomwe panali pothawira. Eliness anakumbukira msewu uja, ndi mabasi aja.

"Sanagone. Anamwalira. Munthu akamwalira sapuma, samva kuwawa, ndipo sadzukanso kuti abwere kunyumba."

Anapitiriza msanga, poopa kuti akaima sayambanso. Chuma uja, tsopano ali wamkulu, ndi mnzake Susi anati munthuyu sitimusiya kuchilendo. Mtima wake anaukwirira pansi pa mtengo wa mpundu. Thupi analithira mchere n'kuliyanika padzuwa, analikulunga m'nsalu ndi khungwa la mtengo, nalimangirira ku mtengo wonyamulira. Anayenda miyezi isanu ndi inayi mpaka kunyanja yamchere, palibe amene anawatuma. Ena anafera m'njira. Panalinso amayi ophika, mmodzi dzina lake Halima, koma mabuku ambiri sawatchula. Sitima inatenga thupi, ndipo analiika m'tchalitchi chachikulu cha ku London, ana ake alipo.

Tracy ankakanda dothi ndi chala. Eliness anamugwira dzanja.

"Tracy, bambo ako anadwala ku Joni. Madokotala anayesetsa. Amwalira. Amayi ako ndi anzawo a bambo ako akubwera ndi thupi lawo, afika posachedwapa."

Mwanayo sanalire. Anasolola dzanja lake, maso ali pa chitsononkho.

"Ndiye mtima wawo ausiya ku Joni?"

Eliness anali atakonzekera mawu onse kupatula amenewo.

"Ayi, mwanawe, ayi. Zija anachita chifukwa kunalibe galimoto, ulendo unali wa miyezi. Bambo ako sanawachotse kanthu. Akubwera athunthu, m'bokosi, atavala suti."

"Ndi mtima womwe?"

"Ndi mtima womwe."

"Mumati ali pa ulendo."

"Anali pa ulendo. Ulendowo watha."

Pamenepo Tracy anagwetsa nkhope pamiyendo ya azakhali ake, nalira mpaka chitenje chinanyowa. Eliness sanamuletse. Foni inalira kawiri, iye osaiyankha. Patapita nthawi mwanayo anafunsa, mawu akutulukira m'nsalu, kuti owanyamulawo ndani. Eliness anati ndi anyamata a kuno omwe, amene asiya maganyu awo kuti aperekeze mnzawo. Maina sankawadziwa.

Anamusambitsa kumaso ndi madzi a m'ngalande ya dimba, n'kutsika naye kumsewu. Posakhalitsa inatulukira minibasi yokoka ngolo, itamangidwa nsalu pagalasi. Aida anatsika miyendo itatupa, milomo itauma. Sanayang'ane mwana poyamba. Anayang'ana mlamu wake, pamwamba pa mutu wa mwanayo. Eliness anagwedeza mutu kusonyeza kuti wamuuza. Apo m'pamene Aida anagwada m'fumbi n'kulira, ndipo Tracy anamukumbatira m'khosi.

M'galimoto munali amuna atatu a maso ofiira ndi tulo. Mmodzi anasendera kuti awapatse malo. Atadutsa pamsika, Tracy anamukoka jekete.

"Inu dzina lanu ndani?"

"Ndine Benson, mwana wanga."

"Nanga awo?"

Lolemba lotsatira Eliness anali kusukulu ya mkombaphala m'mawa, akukoleza moto wa phala. Nkhani ya Livingstone amaisimbabe. Kwa ana aang'ono kwambiri amalekezera pa Ujiji, koma mwana akafunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani, amamuuza.