Zithunzi za nsapato za bambo

Bambo anga anagwira utenanti wa fodya zaka zambiri, mpaka msana unawakana. Atachoka ku esiteti anakhazikika pa Boma ku Mchinji, nayamba kusoka nsapato pakhonde la sitolo ya mnzawo, pafupi ndi msika. Poyamba ankangomata zong'ambika. Kenako anayamba kusoka zawozawo: masandasi achikopa, a zingwe zopingasa, pansi pake mphira wa tayala wosengedwa bwino. Ine ndinkakhala pambali pawo ndi thebulo langa la mikanda, ndolo ndi zibangili zamkuwa zomwe ndinkapinda ndekha.

Ogula anali ochepa. Anthu ankayima, kugwiragwira, kuyamikira, n'kupita kukagula za kaunjika.

Amene anandiuza za zithunzi anali alamu anga, akazi a achimwene. Iwo ankachita geni yodutsa malire, kukaoda katundu ku Chipata n'kumagulitsa pafoni. Anthu ambiri anali ndi nambala yawo, ena a ku Lilongwe kumene. Tsiku lina ndinawaonetsa zithunzi zomwe ndinajambula, ndikuganiza kuti aziika pa sitetasi ya pafoni yawo, pomwe makasitomala awo ankaonera katundu. Anaziyang'ana, naseka.

"Alamu, izi ndi nsapato kapena mbewa zowamba? Nanga ndolozi zili pati? Ine ndikuona chitenje chokhachokha."

Zinandiwawa, koma sananame. Nsapatozo ndinazijambula m'nyumba ndi fulashi, zikunyezimira malo amodzi, kwina konse bii. Ndolozo ndinaziyala pa chitenje chamaluwa, maluwawo n'kuzimeza.

"Mukadzajambula zooneka, mudzanditumizire," anatero. "Ndidzakuthandizani."

Foni yanga inali yotchipa, yosweka pakona. Panalibe wondiphunzitsa. Ndinkangoyesa, kufufuta, kuyesanso. Choyamba chomwe ndinazindikira n'chochititsa manyazi: kagalasi ka kamera kanali ndi mafuta a zala zanga. Nditakapukuta ndi nsonga ya nsalu yofewa, chifunga chomwe ndinkachiyesa vuto la foni chinatha.

Kenako ndinalimbana ndi kuwala. Padzuwa la masana chikopa chinkayera mbuu, mthunzi wake wakuda ngati makala. M'nyumba mtundu unkasintha, nsapato yofiirira kuoneka yachikasu chifukwa cha babu. Malo abwino ndinawapeza pakhomo pa nyumba yathu, m'mawa, chitseko chili chotsegula, dzuwa lisanalowe mwachindunji. Kuwala kunkabwera cham'mbali, kofewa, ndipo ulusi uliwonse wa msoko wa bambo unkaoneka. Mbali inayo kunkatsala mdima, ndiye ndinkaimika chivindikiro choyera cha ndowa moyang'anana ndi khomo kuti chibweze kuwala. Babu ndinkazima, fulashi ndinaisiyiratu.

Kumbuyo ndinkaika kalendala yakale yotembenuza. Theka ndinkaligoneka pansi, theka lina kulitsamiritsa kukhoma, osapinda, kungolisiya likhote lokha, kuti pasaoneke mzere pomwe pansi pakumana ndi khoma. Nsapato ndinkazipukuta, kuika mapepala m'kati kuti zingwe ziime ngati muli phazi. Ndinasiya kujambula nditaimirira. Ndinkagwada, foni ili pamlingo wa nsapatoyo, itatsamira njerwa kuti isagwedezeke. Imodzi ndinkaiyang'anitsa chakutsogolo mopendeka pang'ono, inzake cham'mbali. Ndinkajambulanso kunsi kwake, ndi msoko pafupi.

Ndolo ndi zibangili zinandivuta kuposa nsapato. Mkuwa uli ngati kalilole: m'chibangili munkaoneka foni yanga ndi chipumi changa. Ndinapachika nsalu yoyera yopyapyala pakhomo kuti kuwala kudutsemo, ine n'kusunthira cham'mbali mpaka nkhope yanga itachokamo. Ndikayandikitsa foni kwambiri mikanda inkasanduka phala. Ndikakoka ndi zala kuti chithunzi chikule, chinkaphwanyika. Ndinaphunzira kuima patali pang'ono, kudina pa mkanda weniweniwo kuti kamera igwire pamenepo, kutsitsa kadzuwa ka pa sikirini ngati pawala kwambiri, kenako kudula chithunzicho ndikamaliza. Mikanda yoyera ndinkaiika pa nsalu yotuwa yopanda maluwa. Ndolo ndinkazikoleka pa ulusi, ndipo chithunzi chimodzi ndinkajambula zili pachikhatho kuti wogula adziwe kukula kwake.

Zinanditengera nyengo yonse ya dzinja. Bambo ankandiona ndikugwada pakhomo, napukusa mutu.

"Mwanawe, ukupembedza nsapato?"

Koma tsiku lomwe ndinawaonetsa chithunzi cha masandasi ofiirira aja, anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataigwira ndi manja awiri.

"Ndasoka ine zimenezi?"

"Inu nomwe, bambo."

Anadzuka pomwepo. Anakaitana mnzawo wa sitolo uja kuti adzaone.

Pa chithunzi chilichonse ndinkaika kakhadi kolembapo nambala yanga. Ndinkakaika pakona, kutali ndi katunduyo, chifukwa ndinkafuna nsapato ikhale yokha pakati, mozungulira monse muli poyera. Zinkakongola choncho. Ndinatumiza zithunzi zonse kwa alamu. Anayankha kuti tsopano ndayamba kuganiza.

Ndinadikira. Foni siinalire. Ndikawafunsa ankati anthu akuona, tisafulumire. Kawiri kapena katatu anabwera kudzatenga peyala imodzi, basi. Sitetasi yawo sindinkaiona. Ndinkayesa kuti ndi netiweki, osadziwa kuti anandibisira.

Linali Loweruka, msika utadzaza, pomwe kunabwera mayi wina wovala bwino, mphunzitsi wa sukulu ina ya ku Dambe. Anafunsa anthu za mdala wosoka masandasi, namulozera bambo. Anatulutsa nsapato m'jumbo, naziponya pamapazi pawo.

"Ndinu apongozi a mayi wogulitsa pafoni uja?"

"Ndine, mayi."

"Munthu wamkulu ngati inu, simuchita manyazi? Sabata ziwiri zokha, nsapato zatha kale."

Bambo anatola nsapatoyo. Inali ya zingwe zopingasa, yofiirira, koma yapulasitiki, yomata ndi guluu, chingwe chitazuka. Anaitembenuza, naipinda.

"Iyi si yanga, mayi. Ine sindimata, ndimasoka."

Mayiyo anatulutsa foni, naionetsa kwa bambo, kenako kwa anthu omwe anayamba kuunjikana. Ndinasuzumira. Chinali chithunzi changa. Kalendala yanga, kuwala kwa pakhomo pathu, msoko wa bambo ukuoneka ulusi ndi ulusi. Kakhadi kokha ndi komwe kanalibe. Anangodula m'mbali, ndipo chithunzicho sichinaonongeke mpang'ono pomwe, poti ine mwini ndinasiya malo okwanira odulapo. Pansi pake analemba kuti ndi chikopa chenicheni, chosokedwa pamanja ndi apongozi awo.

"Chithunzichi si cha nsapato zanu?" anafunsa mayiyo.

"Ndi zanga."

"Ndiye mukukana chiyani?"

Bambo anayang'ananso chithunzicho. Ine ndinayesa kufotokoza, koma mawu anga anamira m'phokoso. Wina kumbuyo anati amisiri a masiku ano ndi choncho, chabwino amaonetsa, choipa amagulitsa. Mayiyo anawonjeza kuti mnzake anagula ndolo za pachithunzi china, zinamutupitsa makutu n'kusuluka. Ndinadziwa ndolo zomwe ankanenazo. Ndinazijambula masiku atatu.

Bambo anatenga peyala yatsopano pa chingwe pomwe ankapachika, namupatsa mayiyo. Iye anakana kaye, kenako analandira, napita osatsanzika.

Madzulo ake ndinapita kwa achimwene. Alamu ndinawapeza akusankha mtedza pakhonde. Sanadzidzimuke.

"Alamu, zithunzi zija munazichita chiyani?"

"Munanditumizira nokha. Ndinaba?"

"Ndinatumiza kuti mugulitse nsapato za bambo."

"Bambo amasoka peyala imodzi masiku atatu. Anthu khumi akafuna lero, ndiwauze chiyani? Ku Chipata zofanana nazo zili mbwee. Ambiri sadandaula n'komwe."

"Nanga dzina la bambo?"

"Dzina sindinatchule. Ndinangoti apongozi."

Achimwene anatuluka m'nyumba atamva mawu athu. Ndinkayembekeza kuti akwiya, poti bambo ndi awonso. Anandikokera pambali.

"Achemwali, musakuze nkhani. Geni imeneyi ndi yomwe ikutidyetsa pano. Ndiyankhula nawo afufute. Chithunzi si chinthu choti abale n'kudanirana."

Anafufutadi pa sitetasi. Koma chithunzi chikachoka m'manja sichibwerera. Patapita mwezi ndinachiona kwa mtsikana wina wogulitsa ku Kamwendo, kenako kwa munthu wa ku Lilongwe yemwe sindimudziwa n'komwe, aliyense ataikapo nambala yake. Mpaka lero masandasi a bambo akuyenda m'mafoni a anthu, akugulitsa mapulasitiki.

Chomwe chinandipweteka kwambiri sichinachokere kwa alamu. Bambo sanawadzudzule mpongozi wawo ngakhale kamodzi. Mwamwambo sakanatha kukangana naye. Mkwiyo wonse unagwera ine. Lolemba lake m'mawa ndinatenga peyala ina kuti ndikaijambule, ndikufuna kuonetsa anthu kusiyana kwa chikopa ndi pulasitiki. Anandilanda.

"Siya. Ndisanajambulidwe ndinali wosauka, koma palibe ananditcha wakuba."

"Bambo, cholakwa si chithunzi."

"Ndati siya."

Anamaliza chikopa chomwe chinatsala, osagulanso china. Anabwerera ku zomata ndi kukhoma zidendene. Anthu apamsika anaiwala nkhaniyo msanga, koma iwo ayi. Munthu akafunsa za masandasi ankati maso awo anafooka. Maso awo analibe vuto. Ndinkawaona akulowetsa ulusi pa zingano kamodzi n'kamodzi.

Ine ndikujambulabe ndolo ndi zibangili zanga, ndipo amayi ena apamsika amandibweretsera katundu wawo kuti ndiwajambulire. Tsopano ndimadzaza chithunzi ndi katunduyo, ndipo kakhadi ndimakalowetsa pansi pa chibangili kapena pakati pa zingwe za nsapato, kuti wofuna kukadula adule ndi katundu yemwe. Sizikongola ngati kale. Amayi ena amadandaula kuti kapepalako kakuononga chithunzi, ndipo ndimawauza kuti akafuna chopanda kapepala akajambule okha.

Chaka chatha, pa chinkhoswe cha mwana wa azakhali ku Chiosya, alamu anadzakhala pafupi nane pamphasa. Anali atayamba kuoda zikwama. Anandigwira pabondo, nanena motsitsa mawu kuti zithunzi zawo sizikutuluka bwino, ndipo anafunsa ngati ndingapite kwawo Lachitatu m'mawa. Azakhali anali pomwepo akumva, ndipo anayankha m'malo mwanga kuti ndipita, nanga si pachibale.

Lachitatu ndinadzuka ndi mutu. Lachitatu linalo ndinapita ku chipatala kukaona mnzanga. Alamu anasiya kufunsa, ndipo kumudzi anayamba kunena kuti mwana wamkazi wa msoki uja ndi wouma mtima.