Malovu Omwe Lahcen Sanameze

Kwa zaka makumi atatu Lahcen wakhala akuphika buledi wa anthu ena. Uvuni yake ili m'kanjira kopapatiza mumzinda wa Sefrou, ndipo amayi a m'deralo amamubweretsera mathireyi a buledi wosaphika. Amadziwa mwini thireyi iliyonse pongoona mmene chala chadindira pamwamba. Za thupi lake, komabe, ankadziwa zochepa kwambiri.

Dzino lakumapeto, lam'munsi kumanzere, linayamba kuwawa sabata yomaliza ya Ramadani. Bambo Driss, mwini sitolo ya mankhwala, anamugulitsa panado, namuuza kuti azichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere, aziika nsalu yozizira patsaya, ndipo pogona azikweza mutu. Anamuuza mosabisa kuti izi n'zongoziziritsa ululu. Mafinya sangathe dzinolo lisanaonedwe ndi dokotala wa mano. Anawonjezera kuti thupi likatentha, kutupa kukatsikira kukhosi, kapena kukamwa kukakana kutseguka, asadikirenso aliyense, athamangire kuchipatala chachikulu. Lahcen anavomera ndi mutu, koma anasungitsa malo kwa dokotala wa mano pa tsiku lachitatu Idi itadutsa. Idi isanafike, nyumba iliyonse imafuna makeke, ndipo uvuni siizima.

Masana sankamwa panado, poopa kuswa kusala kwake. Ankadziwa kuti wodwala amaloledwa kumasula, koma kwa iye dzino silinali matenda. Nsalu yozizira nayo inalibe malo pafupi ndi moto. M'malo mwake ankakulunga buledi wongotuluka kumene m'kansalu n'kumukanikiza patsaya. Kutenthako kunkamutonthoza, koma kutupa kunkakulirakulira.

Tsiku lachinayi ululu wobaya uja unaleka, ndipo Lahcen anathokoza Mulungu. Sanadziwe kuti dzino limatha kukhala chete chifukwa mtsempha wake wafa, mafinya ali paulendo wopita kwina.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Idi ikwane, mlongo wake wamkulu, Rkia, anafika ndi thireyi pamutu. Anapeza mathireyi oposa makumi anayi ali pamzere, Lahcen akunjenjemera pamaso pa moto ngati munthu wonyowa ndi mvula. Anamuseka kuti wabisa buledi wa anthu m'tsaya, koma Lahcen sanabweze chipongwecho monga mwa masiku onse. Anatembenuka n'kulavulira m'kachitini.

Mwezi wosala, amuna ambiri a m'kanjirako amalavula pafupipafupi, poganiza kuti malovu angawaswere kusala. N'chifukwa chake amayi onse amene anabwera m'mawawo sanadabwe. Koma Rkia ankakumbukira kuti mlongo wakeyu ndi amene ankawanyoza amuna otere, akumati Mulungu sawerenga malovu.

“Wayamba liti kupembedza kotereku, iwe Lahcen?”

“Fumbi la ufa, achemwali,” anayankha. Mawu ake anatuluka olemera, ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

“Meza ndione.”

Anayesa. Khosi linagwedezeka, maso anadzaza misozi, malovu anatsikira pandevu. Rkia anamuchotsa mpango umene anadzikulunga m'khosi. Kutupa kunali kutachoka patsaya n'kuzungulira pansi pa chibwano mbali zonse ziwiri, kolimba ngati thabwa, kotentha. Atamuuza kuti ayasamule, pakati pa mano panangolowa chala chimodzi, ndipo lilime linali litakankhikira m'mwamba.

Rkia atamuuza kuti apite kuchipatala nthawi yomweyo, Lahcen analoza mathireyi. Anati dzuwa likalowa amwa mapiritsi awiri, mawa akapemphera, kenako apita. Anafunsa kuti ana a anthu adzadya chiyani pa Idi.

“Makeke ako adzadyedwa pamaliro ako,” anatero Rkia motsitsa mawu. “Gona chagada pabenchipo, ngati uli bwino.”

Anagona kuti amutsutse. Sipanathe nthawi yowerenga mpaka khumi, anadzuka mwadzidzidzi, dzanja lili pakhosi, akusaka mpweya. Anakhala kanthawi atawerama. Kenako anatulutsa buledi womaliza, natseka chitseko cha uvuni.

Rkia anaitana takisi, nauza amayi amene anali pakhomo kuti aliyense atenge thireyi yake apite nayo kwa wophika wa kumsika. Ena anadandaula, iye sanawayang'ane n'komwe.

Kuchipatala sanamuimike pamzere. Namwino atangomva mawu ake n'kuona chibwano, anaitana dokotala. Anamuika diripi ya mankhwala opha tizilombo, ndipo madzulo omwewo anamugoneka, namulowetsa paipi yopumira, nang'amba pansi pa chibwano kuti mafinya atuluke, nazula dzinolo. Dokotala anauza Rkia kuti akanachedwa maola ochepa, njira ya mpweya ikanatsekeka.

Idi inadutsa uvuni ili yozizira, koyamba m'zaka makumi atatu. Patapita masiku atatu, paipi itachotsedwa, Rkia anamugwirira kapu ya madzi pamilomo. Lahcen anameza pang'onopang'ono, atatsinzina, namvetsera madziwo akutsika. Kenako anafunsa, ndi mawu osasa, ngati wa kumsika uja sanapsereze makeke a anthu ake.

“Anapsereza,” anatero Rkia. “Mezanso.”