Lendi ya Munthu Wachinayi

Pa nkhani ya mtengo palibe amene anandigonjetsapo kuyambira ku Banket mpaka ku Karoi. Ndinagulapo njinga pa mtengo wa nkhuku, wogulitsayo n'kundithokozanso. Choncho pepala lokweza lendi litafika m'komboni, ndinauza mayi a kunyumba kuti asadandaule, wolembayo ndimudya osatafuna.

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, pafamu ya fodya pomwe bambo anga anagwira ntchito kuchokera pomwe anabwera kuchoka ku Malawi. Famu itagawidwa ife tinatsala momwemo, n'kumalipira lendi kwa mwini watsopano amene amakhala ku Harare. Kwina kopita tilibe. Bambo anagona m'manda kuseri kwa mabani owumitsira fodya, m'mabulugamu, ndipo mudzi wathu ndi womwewo.

Pepalalo analemba ndi manijala watsopano, mphwake wa mwini famu. Silinanene chifukwa, linangotchula mtengo. Ine ndinayankha mwaulemu woluma. Ndinalemba kuti pepala lawo ndalandira, ndinatchula lendi yakale ndi yatsopano, n'kupempha kuti andilembere mmene awerengera: kaya ndi madzi a pamjigo, kaya ndi denga lomwe ndimamata ndekha ndi phula. Ndinawonjeza kuti podikira yankho ndizilipirabe yakale, azindipatsa lisiti. Kalata ina yofanana ndinasunga. Mochenjera muja, ndinkadziwa kuti anthu okweza mitengo amaopa cholembera.

Uyu sanaope. Anabwera yekha masana dzuwa lili paliwombo, yankho lili m'manja. Linali lomveka bwino, mpaka ndinakhumudwa. Lendi ya zipinda sinasinthe. Chatsopano chinali chakuti madzi ndi nkhuni azilipiritsa pa munthu wamkulu aliyense wogona m'nyumba, ndipo pathu analemba anayi.

Ndinaseka. Pathu tilipo atatu: ine, mayi a kunyumba ndi mlamu wanga. Ndinaona kuti nyama yalowa yokha mu msampha.

Manijala anati iye sawerenga zongomva. Anayenda khomo ndi khomo nthawi yopuma masana, ndipo pathu ankapeza madala atakhala pa kampando pakhonde, atavala chipewa cha khaki, akutambasula tsamba la fodya pabondo.

"Musandinamize, achimwene," anatero. "Ndi madala aja opanda zala ziwiri kumanzere. Ndinawalonjera m'Chishona, iwo n'kuyankha m'chilankhulo chanuchi. Anati ndiwalembe, nyumba ino ndi yawo."

Zala ziwirizo bambo anazisiya m'makina othinira mabelo ine ndili mwana. Manijalayu anafika pafamu mvula yathayi, pamene manda a bambo anamera kale udzu kambirimbiri.

Ndinayang'ana pakhonde. Kampando kanali pomwepo. Mayi a kunyumba amakatulutsa m'mawa uliwonse akamasesa, madzulo n'kukalowetsa, monga ankachitira apongozi awo ali moyo. Sindinawafunsepo chifukwa chake. Nkhuku zathu zimakwera paliponse, ngakhale pabedi, koma tsiku limenelo ndi pomwe ndinazindikira kuti pa kampandoko sindinaonepo nkhuku.

Mlandu ndikanawina mosavuta. Kungomutenga mnyamatayo, kudutsa mabani, kumuonetsa mtumbira. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma iye anapitiriza kuti ngati madalawo ndi mlendo chabe, palibe vuto, awafufuta. Kungoti lamulo la mwini famu likuti wosalembedwa asagone m'komboni, ndiye ndiwauze achoke mwezi usanathe. Ndikakana zonse ziwiri, kuwalipirira ndi kuwachotsa, tichoke tonse.

Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo ndi beseni. Sanayang'ane ine kapena manijala, anayang'ana pampando.

"Bambo a ana," anatero motsitsa mawu, "mukawauza ndinu."

Mphepo kunalibe. Mabani anazimitsidwa kalekale, fodya atapita kumsika, koma fungo la tsamba lowuma linadzaza pakhondepo, lija linkatsalira m'malaya a bambo ngakhale atachapidwa.

Ndiye ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinauza manijala kuti madalawo madzi sagwiritsa ntchito kwenikweni, moto sawotha, ndipo sadzamuvutitsa ndi maliro. Iye anati mutu ndi mutu. Ine ndinati mutu wa nkhalamba si wa mnyamata. Tinakokanakokana mpaka anavomera theka, ndipo ndinamuumiriza alembe pansi pa yankho lake lija, asaine. Pochoka anavula kapusi, n'kuweramira kukhonde, osati kwa ine.

Mpaka lero ndimalipirira atatu ndi theka. Anzanga a m'komboni amati ndine ndekha amene ndinatsitsitsa mtengo chaka chimenecho, ndipo sindiwatsutsa. Lisiti ndimaisiya pa kampando, n'kuitsamiritsa ndi mwala. Pofika madzulo ndimaipeza itatambasulidwa bwinobwino, makwinya onse atatha, ngati tsamba la giledi yoyamba.

Mwini famu akulandira ndalama za munthu wosamwa madzi, ine ndinadula mtengo pakati, bambo akhala pakhonde pawo mwalamulo. Inu mukuti anadya mnzake ndani?