Apu Imene Inasowa pa Foni ya Mayi Efelo

Mackford Chimphepo wakhala akukonza mafoni pa khonde la sitolo ya nsalu ku Area 2 kwa zaka khumi ndi ziwiri. Anachoka kwawo ku Nsaru ali ndi sitifiketi ya Fomu 2 ndi sikuludiraiva imodzi, ntchito n'kuiphunzira poonera anzake. Ndi munthu wamanja abwino, koma ali ndi matenda a amisiri ambiri: safunsa. Kwa iye foni iliyonse yodwala mankhwala ake ndi amodzi, kufufuta zonse n'kuyambiranso.

Lachiwiri lina kunabwera Mayi Efelo Mkandawire a ku Area 47, amene anali atangobwerera kuchokera ku Mangalande komwe ankasamalira okalamba. Foni yawo inkachedwa, ndipo apu ya kampani ya mafoni yakuno sinkaoneka mu sitolo ya mapulogalamu.

"Akaunti yanu ikadali ya kunja, mayi," anatero Mackford. "Tiisinthe ikhale ya Malawi."

Anasintha dziko, anasunga zithunzi ndi manambala, zotsalazo n'kufufuta. Foni inayamba kuthamanga ndipo mayiwo anapita akuthokoza.

Lachisanu cha m'ma 1 koloko anabweranso atavala ngati akupita ku ukwati, tsitsi lomanga kumene, koma milomo ili gwa.

"Achimwene, panali apu ina yobiriwira. Sindikuipeza."

Mackford anawafunsa dzina la apuyo n'kulilemba mu sitolo ya mapulogalamu. Palibe. Atatsegula tsamba lake pa intaneti, foni inati pulogalamuyi sipezeka m'dziko lino. Anafuna kubweza akaunti ku Mangalande, koma malamulo a sitoloyo amati ukasintha dziko uyembekeze miyezi usanasinthenso. Akaunti yatsopano yotsegulira kuno inakhalanso ya Malawi. Anakatapa apuyo pa tsamba lina lamseri; inalowa ndithu, koma poitsegula inakana, n'kumulozera ku sitolo komwe kuja.

"Kodi ndi ya chiyani kwenikweni?" anafunsa Mackford. Funso limeneli akanafunsa Lachiwiri.

Mayi Efelo anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu. Mwana wawo yekhayo, Davison, ali m'ndende ku Mangalande. Ndendeyo imalola kuonana pa vidiyo kamodzi pamwezi, mphindi makumi atatu, kudzera pa apu imeneyo basi. Nthawi yawo inali lero, 3 koloko. Kutchalitchi ndi kwa achibale onse amadziwa kuti Davison ali pa yunivesite.

"Mwezi wathawu tinakangana," anatero. "Ndinamuuza kuti wandivula pagulu, ndipo sindikudziwa ngati ndidzamuimbirenso. Ndinangolankhula ndi mkwiyo. Lero ndimafuna ndimupepese."

Mackford anamva manyazi ndi mantha pamodzi. Anawauza kuti njira yatsala imodzi: munthu amene ali ku Mangalandeko atsegule akaunti yatsopano, atumize dzina ndi pasiwedi, iwo alowe nayo pa foniyi.

Ku Mangalandeko analipo munthu mmodzi, Hellen, mnzawo wa kuntchito wa mayiwo, yemwe mchemwali wake amaimba kwaya imodzi ndi Mayi Efelo kuno ku Lilongwe. Mayiwo anaigwira foni nthawi yaitali osaimba. Itakwana hafu pasiti 2 anaimba. Chifukwa cha phokoso la maminibasi anakweza sipika, moti ogulitsa nsalu ndi makasitomala a Mackford ankamva zonse.

"Akaunti yachiyaninso, asisi?" anafunsa Hellen. "Ine zotsegulira anthu maakaunti ndimaopa. Ndi apu yanji?"

Mayi Efelo anatseka maso n'kuitchula.

"Imeneyo si ya kundende? Mayo ine! Davison?"

"Eya, Davison. Chonde, pompano."

"Ndili pa shifiti, ndikusambitsa agogo ena, foniyinso ndayankha mobisa. Ndikaweruka madzulo ndipanga."

Chinsinsi cha zaka ziwiri chinathera pamenepo, pa khonde la nsalu, ndipo sichinagule kanthu. Mackford anayesabe izi ndi izi, thukuta likugwera pa galasi la foni, ngakhale ankadziwa kuti akungodzitangwanitsa kuti asawayang'ane kumaso.

Itakwana 3 koloko mayiwo anapempha foni yawo. Anakhala pa benchi, anakonza kolala ya bulauzi, n'kuinyamula foniyo patsogolo pa nkhope monga amachitira mwezi uliwonse. Sanalire. Anakhala choncho mphindi makumi atatu zonse.

Kenako anaika foni m'chikwama n'kuimirira.

"Akaidi amawakhazika m'kachipinda kuti adikire," anatero. "Davison wakhala akuyang'ana sikirini yopanda munthu. Ndipo iye amadziwa kuti ine sindichedwa."

Mackford masiku ano amafunsa asanafufute chilichonse, mpaka makasitomala ena amatopa naye. Akaunti ya Hellen inafika usiku wa tsiku lomwelo ndipo apu inalowa bwinobwino. Mayi Efelo anapempha nthawi ya mwezi wotsatira. Yankho linabwera patapita masiku anayi: mkaidi wakana.