Alendo Sanafike

Ku Hamilton, kutsidya kwa nyanja, kuli mkulu wina amene ndi malume wa aliyense, poti amalume enieni anatsala kumudzi. Chipale chofewa amachiopa ngati mfiti, koma pakamveka za ukwati, jekete amavala msangamsanga. Mawu awo ndi amodzi: “Mlendo sadzilonjera.”

Tsiku lina anaimira kuchikazi pamene a Ambrose, nkhoswe ya Tobias, anabwera ndi anzawo kudzafunsira Vainess. A Ambrose, kuzizira kutawalowa m'mafupa, anangolowa opanda odi, n'kulunjika kwa bambo a mtsikana.

“Bambo, tabwerera mwana wanu!”

Mkulu uja anayang'ana kudenga, n'kulankhula kwa mayi a mtsikana. “Mayi, alendo aja achedwatu. Kaya mwina anasintha maganizo.”

A Ambrose anazindikira, natulutsa gulu lawo lonse panja.

“Odi!”

Mkulu uja anawasiya anjenjemere kaye panja. Alendowo atalowa n'kukhala pansi, eni nyumba anawalonjera mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu. Kenako mkuluyo anafunsa za ulendo, ndipo a Ambrose anafotokoza za kumene achokera, asanafike pa tambala wawo amene waona msoti pakhomopo. Bambo a mtsikana anatsegula pakamwa, koma diso la mkuluyo linawatseka: bambo salankhula pamene malume alipo.

Pomaliza mkuluyo anaitana Vainess. “Anthuwa ukuwadziwa?”

“Eya, amalume.”

“Tamva. Tikambirana, mudzabwerenso.”

“Kubweranso? Kuzizira konseku?” anadandaula a Ambrose.

“Ee, achimwene. Ndipo gulani magolovesi, chifukwa pakhomo pathu odi amachedwa kumveka.”