Mphindi za pa Mjigo

Dzuwa la Okutobala silidikira munthu. Wofuna kupeza amayi pakhomo ayenera kufika mamawa, chifukwa likangokwera onse amakhala ali kumadzi. Nchifukwa chake kwa masiku khumi Nabokosi ankanyamuka kunja kusanatenthe, iye ndi dalaivala ndi anthu asanu ofunsa mafunso, kuzungulira midzi khumi ndi iwiri imene bungwe lawo linakumbamo mijigo.

Dzina la Nabokosi anampatsa ndi dalaivala yemweyo. Ntchito yake inali yolondola ngati pulojekiti ikuchitadi zimene inalonjeza, ndipo zonse zinali pa pepala limodzi lalikulu la mabokosimabokosi. Bokosi loyamba linkanena chizindikiro, ndiye kuti chinthu choyezedwa. Lachiwiri linkanena pamene zinthu zinali pulojekiti isanayambe, lachitatu pamene akufuna kufika. Otsatira ankanena wofunsa ndani, afunsa mabanja angati, mwezi uti, ndi tsiku lotumiza lipoti kwa opereka thandizo. Bokosi lopanda kanthu linkamusowetsa mtendere ngati kamwala mu nsapato.

Anakulira kumudzi, mwana wachitatu mwa asanu ndi awiri, ndipo ndowa anaisenza asanadziwe kulemba dzina lake. Atamaliza sukulu anayamba ngati wofunsa mafunso wa ganyu, wolembedwa sabata ziwiri nkuiwalidwa miyezi isanu. Anakwera udindo chifukwa mafomu ake sankabwezedwa. Tsopano ankakhala m'tauni, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndi ana ake awiri ndi mayi ake, amene mpaka lero ankadzaza zigubu zonse ngakhale mpopi ukutuluka bwinobwino.

Chizindikiro chachikulu cha pulojekitiyo chinali ichi: mphindi zimene munthu amatha popita kukatunga madzi ndi kubwerako, kuphatikizapo kudikira pamzere. Poyambira panali mphindi 35. Cholinga chinali 20. Nabokosi atalowetsa mayankho a mabanja 300 mu kompyuta, panatuluka 48.

Anabwerezanso kawiri, fomu ndi fomu. Zinali 48 basi.

Lipoti linkafunika Lachisanu, ndipo opereka thandizo anali atanena kale kuti lipoti limenelo ndi limene lidzagamule ngati midzi ina isanu ndi inayi yotsala ipatsidwe mijigo kapena ayi.

Abwana a pulojekiti anaiyang'ana nambalayo atagwira m'chiuno, fani ikungozunguza mpweya wotentha pamwamba pa mitu yawo.

“Mayi, mukufuna kundiuza kuti takumba mijigo khumi ndi iwiri kuti anthu azichedwa kwambiri?”

“Sindikunena ine, abwana. Akunena ndi mafomu.”

“Mafomu alibe pakamwa. Chotsanimo za kudikira pamzerezo. Tiyeze kuyenda kokha.”

“Poyambira tinawerenga ndi mzere womwe. Tikachotsa lero ndiye kuti tayeza zinthu ziwiri zosiyana.”

“Nanga midzi itatu ya mizere italiitali ija? Singakhale kuti munalibe nthawi yofikako?”

“Tinafikako. A dalaivala akudziwa, tayala linaphulikira komweko.”

Dalaivala, amene anabwera kudzasiya makiyi, anakweza manja. “Ine musandilowetsemo, abwana. Ine ndimayeza mafuta okha. Koma mzere ndinauona. Ndowa kuchokera pa mjigo mpaka pa tchalitchi, ngati zikudikira ubatizo.”

Abwana sanaseke. “Mayi, anthu a m'midzi isanu ndi inayi aja sadzamwa kuona mtima kwanu. Ganizani bwino.”

Madzulo ake anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, napeza mayi ake akutsuka mbale kuseri. Anawafotokozera mwachidule, osayembekeza kanthu.

“Zoyambazo munafunsa liti?” anafunsa mayiwo osatembenuka.

“Chaka chatha, Febuluwale.”

“Iwe, sukulu yonse ija? M'Febuluwale ndani amapita kutali? Madzi amakhala kuseri kwa nyumba, chitsime chilichonse chodzaza mpaka kukamwa. Ukanawafunsa mwezi uno, akanakuuza za kumtsinje, kufukula mchenga, kupita m'mawa kubwera dzuwa lili pamutu. Waiwala?”

Sanaiwale. Kungoti sanaziike m'bokosi. M'mawa mwake anatsegula pulani yoyamba ija ndipo anaona pamene panalakwika. Kafukufuku wa poyambira anayenera kuchitika mu Okutobala, koma mgwirizano unachedwa kusainidwa, ndiye anachitika m'Febuluwale, mvula ili mkati. Bokosi la mwezi wofunsanso chaka ndi chaka linatsala momwe linalili: Okutobala. Woyenera kulisintha anali iyeyo. Ndiye anali akuyerekeza dzinja lopanda mijigo ndi chilimwe chokhala ndi mijigo, nthawi imene zitsime zaphwa ndipo midzi yoyandikana nayo yonse yakhamukira pa mijigo yomweyo.

Anapita kwa abwana ndi pepalalo.

“Cholakwa ndi changa. Ndilemba choncho.”

“Mulemba kuti munalakwitsa? Kwa opereka thandizo? Mayi, ntchitoyi mwatopa nayo?”

“Ndilemba 48, ndifotokoza chifukwa chake, ndipempha kuti atilole kusintha pulani. Tizifunsa kawiri pa chaka. Febuluwale tiziyerekeza ndi Febuluwale. Okutobala uno akhale poyambira pa chilimwe, ngakhale mijigo ilipo kale, ndipo tinena poyera kuti za chilimwe cha kale tilibe nambala yake.”

“Akakana?”

“Akakana, akana. Koma akadzatuma munthu wawo kudzaona mafomu nkupeza tinachotsa midzi itatu, sadzatikhulupiriranso pa chilichonse.”

Abwana analiyang'ananso pepalalo. Kenako anati, “Dzina lanu likhale pamwamba pa langa.”

Lipoti linapita Lachisanu masana. Yankho linatenga sabata zitatu, ndipo m'sabata zimenezo abwana ankamupatsa moni wa pakamwa pokha. Litabwera linali lalifupi. Opereka thandizo anavomera kusintha kwa pulani, koma za midzi yotsalayo anati adikira. Kafukufuku achitikenso m'Febuluwale, mabanja 300, mafunso omwewo osasintha liwu. Nambala ikadzatsika kuposa 35 ija, ntchito ipitirira. Lipoti lifike pa 15 Malichi. Anaonjezanso mzere umodzi, wofunsa chifukwa chimene vutoli silinaoneke chaka chonse. Nabokosi anauyankha yekha, m'ziganizo ziwiri.

Mvula inayamba mochedwa chaka chimenecho, kenako inagwa mosalekeza. M'Febuluwale misewu inasanduka phala. Galimoto inatitimira kawiri, ndipo kumidzi iwiri anafika wapansi, nsapato m'manja, mafomu atakulungidwa m'pulasitiki.

“Nabokosi,” anatero dalaivala akufukula matope pansi pa tayala, “chaka chamawa mudzalembe bokosi la msana wanga. Poyambira: wowongoka.”

“Cholinga?”

“Penshoni.”

Mabanja ena anawapeza ali kumunda, nabwererako tsiku lina. Mayi wina anati satunga pa mjigo nyengo ino chifukwa chitsime chili pafupi, ndipo Nabokosi analemba mphindi za kuchitsimeko monga ananenera. Mafomu anayi anabwera opanda yankho pa funso la mzere. Anawabweza, ofunsawo anang'ung'udza, koma anapitanso.

Pa 12 Malichi mafomu onse 300 anali atalowa. Kunja kunkagwa mvula yamawawa, ndipo pa zenera la ofesi munthu wina anali atayanika masokosi. Nabokosi anaonkhetsa, nagawa, nabwerezanso. M'bokosi la Febuluwale analemba 23. Pansi pake analemba kuti cholinga cha 20 sichinafikidwe. Anaika tsiku, nasaina, napita nalo pepalalo pa tebulo la abwana.